Yankho ndi lolondola, nanga malikisi apita kuti?

Imeloyo inafika Lamlungu madzulo. Wolemba anali mtsikana wa Fomu 4, mmodzi mwa ana amene ndimawaphunzitsa Fizikisi, ndipo analemba motere:

"Aphunzitsi, mwaswera bwanji? Pepani pokuvutitsani tsiku lopuma. Ndikulemba pa foni ya achimwene anga. Pa funso 7, la lenzi ya konkevu lija, mwandipatsa malikisi 5 pa 10. Mnzanga amene timakhala desiki imodzi wapeza 9, koma titayerekeza mapepala athu taona kuti tonse tapeza chithunzi pamalo amodzimodzi, masentimita 6 kuchokera pa lenzi. Sikuti ndikukutsutsani ayi, aphunzitsi. Ndikungofuna kudziwa pomwe ndalakwitsa kuti ndisadzabwereze pa mayeso a MANEB. Pepala langa ndalijambula, lili m'munsimu."

Mwanayu sananame. Chithunzi chake chinalidi pa masentimita 6, ndipo 6 ndiye yankho lolondola. Ngakhale zinali choncho, malikisi asanu amene anataya aja anawatayadi, ndipo sindinamubwezere ngakhale amodzi. Kholo lililonse lingadabwe kuti zimenezi zikutheka bwanji. Nkhani yagona pakuti dayagiramu ya kuwala si samu yoti munthu angopeza nambala. Ndi umboni wa njira imene kuwala kwadutsa, ndipo mzere uliwonse umene waikidwa papepala ukunena kanthu. Mizere ya mtsikanayu inkanena zinthu zimene kuwala sikuchita.

Funso lenilenilo linali lotere. Pali lenzi ya konkevu imene mtunda wa fokasi yake ndi masentimita 10. Msomali wotalika masentimita 5 waimikidwa, mutu uli m'mwamba, pa mtunda wa masentimita 15 kuchokera pa lenziyo. Wophunzira ajambule dayagiramu pa pepala la galafu, pa sikelo yakuti sentimita imodzi papepala ikuimira masentimita awiri, apeze pamene pali chithunzi cha msomali, anene kutalika kwake, ndipo afotokoze kuti ndi chithunzi chamtundu wanji.

Tisanafike pa pepala la mwanayu, tione kaye chimene lenzi imeneyi imachita.

Ambiri tinazolowera lenzi yokhuthala pakati, ija ana amayatsira pepala padzuwa. Imeneyo ndi ya konivekisi, ndipo imasonkhanitsa kuwala pa kadontho kamodzi. Ya konkevu ndi yosiyana nayo: ndi yopyapyala pakati, yokhuthala m'mphepete. Kuwala kukalowa m'galasi kumachepetsa liwiro, kuchoka pa makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi kufika pafupifupi 200,000, ndipo kukalowa kapena kutuluka mopendekeka kumakhota. Zotsatira zake n'zakuti kuwala kodutsa m'lenzi kumakhotera kumene galasi lakhuthala. Pa konivekisi kokhuthala ndi pakati, ndiye mizere ya kuwala imakhotera pakati n'kukumana. Pa konkevu kokhuthala ndi m'mphepete, ndiye mzere wodutsa kumtunda umakhotera kumwamba, wodutsa kumunsi umakhotera pansi. Mizereyo ikatuluka imatalikirana, ndipo simakumananso. N'chifukwa chake timati ndi lenzi yomwaza kuwala.

Aliyense amene ali ndi wachibale wovala magalasi a vuto losaona patali angathe kudzionera yekha, chifukwa magalasi amenewo ndi a konkevu. Abwerekeni, muwagwire patalipo pang'ono pamwamba pa nyuzipepala. Zilembo zioneka zazing'ono, koma zosatembenuzika. Kenako muwaike padzuwa, pansi pake pali pepala loyera (musayang'anire dzuwa m'galasi lililonse, maso amapsa). Kadontho kotentha kaja simukapeza. Muona mthunzi wodera pakati, kuwala kutamwazikira m'mbali. Musunthe pepala mmene mungathere, kufupi kapena kutali, chithunzi cha dzuwa sichigwera papepalapo.

Nanga zilembo zazing'ono zimene diso likuonazo zili pati? Apa ndi pamene pali fupa la nkhani yonse. Tiyerekeze kuti mwaima pachulu, mwaona anthu awiri akuyenda padambo, aliyense molunjika, koma akumka natalikirana. Simunaone kumene anyamukira, komabe mukatsata kumbuyo njira ya aliyense mutha kuloza malo n'kunena kuti awiriwa asiyanirana apo. Diso ndi ubongo zimachita zomwezo ndi kuwala. Zimatenga mizere imene yafika m'diso, kuitsata chobwerera molunjika, n'kuika chinthucho pamene mizereyo ikuoneka kuti yachokera. Diso silidziwa kuti kuwala kunakhota m'galasi. Choncho limaona msomali pamalo pamene mizere sinakumanepo n'komwe. Chithunzi choterechi m'kalasi timachitcha vechuwo: diso limachiona, kamera ikhoza kuchijambula kudzera m'lenziyo, koma mukaika pepala pamalopo simupezapo kanthu. Chimene mumaona pagalasi lodziyang'anira ndi chamtundu womwewu, pakuti kuseri kwa galasilo kuli khoma, kulibe nkhope.

Dayagiramu iyenera kuonetsa zinthu ziwirizi mosasakaniza, njira imene kuwala kwadutsadi ndi njira imene diso likungoganizira. Yoyambayo timaijambula ndi mzere wosaduka, wokhala ndi kamuvi kosonyeza kumene kuwala kukulowera. Yachiwiriyo timaijambula ndi mzere wodukaduka, wopanda kamuvi. Si zokongoletsa zimenezi. Wochonga akaona mzere wosaduka amawerenga kuti wophunzira akunena kuti apa padutsa kuwala.

Tsopano tijambule bwinobwino, monga anachitira mnzake wa malikisi 9 uja.

Timayamba ndi mzere wogona wodutsa pakati pa pepala, umene ndi msana wa dayagiramu yonse. Pakatikati pake timaimika mzere woimirira lenzi. Kunena zoona kuwala kumakhota kawiri, polowa m'galasi ndi potuluka, koma lenzi ikakhala yopyapyala timagwirizana kuti kukhota konse tikuike pa mzere umodzi umenewu. Pa sikelo yathu masentimita 10 akhala 5 papepala, ndiye timaika kadontho pa masentimita 5 kumanzere kwa lenzi ndi kena pa masentimita 5 kumanja, tonse tiwiri n'kutilemba F. Msomali umakhala kumanzere pa masentimita 7.5, wojambulidwa ngati muvi woimirira wa masentimita 2.5, tsinde lake lili pa mzere wogona uja.

Kuchokera pamutu pa msomali kuwala kumapita mbali zonse, mizere yosawerengeka. Ife timasankhapo iwiri yokha imene tikudziwiratu mayendedwe ake. Woyamba umanyamuka pamutu pa msomali n'kuyenda chogona, mofanana ndi mzere wapakati, mpaka kugunda lenzi. Pamenepo umakhotera kumwamba n'kupitirira kumanja. Ukhota motani? Timaika rula pa F ya kumanzere, mbali yomwe kuli msomali, ndi pa malo pamene mzere wagunda lenzi. Kuchokera pa lenzi kupita kumanja timalemba mzere wosaduka wokwera m'mwamba, wokhala ndi kamuvi. Rula isanasunthe, kuchokera pa lenzi kubwerera ku F ya kumanzere timalemba mzere wodukaduka. Kuwala kwapita kumanja, koma wokuona ali kumanjako aganiza kuti kwachokera pa F. Tanthauzo la fokasi ya lenzi yomwaza ndi lomweli: si malo amene kuwala kumakumana, koma malo amene kumaoneka ngati kwachokera.

Mzere wachiwiri ndi wosavuta. Umachoka pamutu pa msomali, kudutsa pakatikati penipeni pa lenzi, n'kupitirira kumanja osakhota. Pakatipo nkhope ziwiri za galasi zimakhala ngati za galasi la pawindo, zosapendekerana, ndiye kuwala kumatuluka kukuloza kumene kunkaloza polowa. Mzere umenewu ndi wosaduka kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Kumanja kwa lenzi tili ndi mizere iwiri, wina ukukwera, wina ukutsika. Sidzakumana. Koma kumanzere, mzere wodukaduka uja wadutsana ndi mzere wachiwiriwu. Podutsanapo ndi pamene pali mutu wa chithunzi. Tikayeza ndi rula tipeza kuti pali pa masentimita 3 kuchokera pa lenzi, ndi sentimita imodzi pamwamba pa mzere wapakati. Tikachulukitsa ndi 2, chithunzi chili pa masentimita 6 ndipo ndi chotalika masentimita 2. Timachijambula ngati kamuvi koimirira ka mzere wodukaduka. Ndi chithunzi chaching'ono poyerekeza ndi msomali, choimirira, chokhala mbali yomwe kuli msomali, ndiponso ndi vechuwo.

Pepala la mtsikana uja, limene ndinalikulitsa pa foni kuti ndione kadontho kalikonse, linayamba bwino kwambiri. Sikelo inali yolondola, ma F onse awiri anali pamalo pake, msomali unali pa 7.5, pensulo inali yosongoka. Mzere wodutsa pakati pa lenzi unalinso bwino. Mzere woyamba unayenda chogona mpaka pa lenzi, monga ziyenera kukhalira. Vuto linayamba pamenepo. Kuchokera pa lenzi iye analemba mzere wosaduka, wodinda ndithu, wobwerera ku F ya kumanzere, ndipo anaikapo kamuvi koloza ku F. Kumanja kwa lenzi, kumene mzerewo unayenera kutulukira, kunalibe chilichonse.

Taonani chimene dayagiramu imeneyo ikunena. Ikuti kuwala kunafika pa lenzi, kunalephera kudutsa, kunabwerera n'kukagwera pa fokasi. Chimenecho chimachitika pa galasi lodziyang'anira lolowa m'kati, osati pa lenzi. Mwanayu anajambula chipangizo china chosiyana ndi chimene anafunsidwa. Chimene chinamusokoneza n'chakuti mzere wake wolakwikawo unagona pamalo enieni pamene panayenera kugona mzere wodukaduka, choncho unadutsana ndi mzere wachiwiri pa kadontho kolondola, ndipo nambala 6 inatuluka. Rula inamupatsa yankho, koma chimene analemba chokhudza kuwala chinali chabodza. Pamenepa anataya malikisi awiri, amodzi chifukwa mzere wotuluka kunalibe, ena chifukwa wobwererawo sunali wodukaduka.

Cholakwa chimenechi ndimachiona chaka ndi chaka, ndipo sichichokera ku ulesi. Chimachokera ku kuloweza. Mwana waloweza kuti mzere wogona umapita ku F, ndipo pa lenzi ya konivekisi lamuloli limagwiradi ntchito monga walilowezera. Akafika pa konkevu amakumbukira kuti aphunzitsi anati F yake ndi ya mbali ya chinthucho, ndiye amangotembenuza rula n'kulemba mzere wopita kumeneko. Saima n'kudzifunsa kuti kodi kuwalako kwapita kuti.

M'yankho langa ndinamulembera kuti: "Mwana wanga, ika chala chako pamutu pa msomali, ndipo uyendetse chalacho pa mzere woyamba ngati iweyo ndiwe kuwala. Ukafika pa lenzi, ndiuze kumene ukulowera. Lenzi ndi galasi loonekera. Kuwala kukalowa mbali ino kuyenera kutulukira mbali inayo." Anayankha usiku womwewo kuti waona, ndipo anawonjezera funso limene linandisangalatsa kuposa imelo yoyamba ija. Anati, ngati pamalo pa chithunzi sipadutsa kuwala, bwanji mzere wachiwiri, umene ndi wosaduka, ukudutsa pomwepo?

Ndi funso la munthu amene wayamba kuganiza. Mzere wachiwiri ukudutsadi pamalopo, paulendo wake wopita ku lenzi. Koma chithunzi chenicheni, choti n'kugwera papepala, chimafuna kuti mizere yambiri yochokera pa kadontho kamodzi ka chinthu ikumane pa kadontho kamodzi itadutsa kale m'lenzi. Apa sizili choncho. Mzere umodzi wokha ndi umene wadutsapo, nawonso usanafike n'komwe pa lenzi, ndipo unzakewo sunafikepo, tangouwonjezera ndi pensulo potsata maganizo a diso. Mukaika pepala pa masentimita 6 pamenepo, mungotchinga kuwala kochokera ku msomali, basi.

Malikisi achitatu anatayikira pomwepa. Iye anajambula chithunzi ndi mzere wosaduka, ndipo pofotokoza analemba kuti ndi chaching'ono, choimirira, chenicheni. Ziwiri zoyambazo zinali zoona. Chachitatucho chinali mwana wa cholakwa choyamba chija, pakuti pa dayagiramu yake mizere iwiri yosaduka inakumana, ndipo lamulo limati mizere yosaduka ikakumana chithunzi ndi chenicheni. Anatsatira bwino lamulo pa dayagiramu yolakwika. Pali chizindikiro chimene chikanamuchenjeza: ndi lenzi imodzi yokha ndi chinthu wamba choikidwa patsogolo pake, chithunzi chenicheni chimakhala chozondoka nthawi zonse, ndipo choimirira chimakhala vechuwo. Mawu akuti choimirira ndi akuti chenicheni akapezeka m'chiganizo chimodzi pa funso lotere, penapake palakwika.

Achinayi anapita chifukwa cha timivi. Kupatula kamuvi kolakwika kaja, pa mizere yonse ya kuwala panalibe kamuvi ngakhale kamodzi. Ana amadandaula kwambiri ndi malikisi amenewa, amati ndi nkhanza kumudula munthu chifukwa cha kachizindikiro kakang'ono ngati kameneka. Ine sindiona choncho. Kwa zaka mazana ambiri anthu ophunzira, kuphatikizapo Euclid ndi Ptolemy, ankakhulupirira kuti diso ndi limene limatumiza kuwala kukakhudza chinthu. Ibn al-Haytham, amene ankagwira ntchito ku Cairo zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, ndi amene anasonyeza mwadongosolo kuti kuwala kumachoka pa chinthu n'kulowa m'diso. Mpaka lero mukauza ana a Fomu 1 kuti ajambule mmene amaonera mtengo, ena amalozetsa muvi kuchoka m'diso kupita ku mtengo. Kamuvi ndiye kamene kamasonyeza kuti wojambulayo akudziwa kumene kuwala kwachokera ndi kumene kukupita. Ndipo kwa mtsikanayu timivi tikanamupulumutsa. Akanaika kamuvi pa mzere wogona koloza kumanja, n'kuona kenanso koloza kumanzere pa mzere wotsatira, akanazindikira kuti kuwala kwake kwabwerera. Mwambo wake ndi wakuti mzere uliwonse wa kuwala ukhale ndi kamuvi usanafike pa lenzi ndi kena utatuluka.

Otsiriza anali a changu chabe. Mtunda anauchulukitsa ndi 2 n'kupeza 6, koma kutalika analemba sentimita imodzi monga anayezera papepala, kuiwala sikelo. Yankho ndi masentimita 2. Palibe zambiri zoti n'kunenapo, kupatula kuti sikelo izilembedwa pamwamba pa pepala mu zilembo zazikulu, kuti diso liigunde poyankha.

Kagawidwe ka malikisi kameneka ndi kanga, ka mayeso a m'kalasi. Aphunzitsi ena angagawe mosiyanako. Koma palibe wochonga wodziwa Fizikisi amene angapereke malikisi onse pa dayagiramu imene kuwala kwake sikunadutse m'lenzi.

M'kalasi lomwelo munali ena amene anapeza malikisi ochepa kuposa mtsikanayu, ndipo cholakwa chawo n'chofala kwambiri. Iwo anatulutsadi mzere woyamba kumanja, koma anaukhotetsera pansi kuti udutse pa F ya kumanja, ngati kuti lenziyo ndi ya konivekisi. Akatero mizere imakumana kumanja pa masentimita 30, ndipo chithunzi chimatuluka chozondoka, chotalika masentimita 10. Dayagiramu imaoneka yaukhondo, mwana amatuluka m'chipinda cha mayeso akusekerera, koma wayankha funso limene silinafunsidwe.

Zolakwa ziwiri zonsezi munthu angathe kuzigwira yekha asanapereke pepala. Njira yoyamba ndi kudziwiratu kumene chithunzi chiyenera kukhala. Pa lenzi yomwaza, chinthu chiikidwe paliponse, chithunzi chimakhala pakati pa lenzi ndi F ya mbali ya chinthucho, choimirira, chaching'ono. Msomali wathu tikaupititsa pa masentimita 100, chithunzi chikhala pa masentimita 9 ndi pang'ono, pafupi ndi F koma osaifika. Tikauimika pa F penipeni, pa masentimita 10, chithunzi chikhala pa 5, chotalika theka la msomali. Tikausendeza pa masentimita 5, chikhala pa 3.3. Sichidumpha F, sichiwoloka lenzi, sichizondoka. Ndiye ukaona chithunzi chako chili kumanja, kapena chaposa msomali, fufuta uyambirenso.

Njira yachiwiri ndi samu, imene imatenga mphindi imodzi. M'kalasi mwathu timagwiritsa ntchito lamulo lakuti mtunda wa chinthu chenicheni ndi pozitivu, ndipo wa vechuwo ndi negetivu. Popeza fokasi ya lenzi yomwaza ndi malo ongoganiziridwa, mtunda wake ndi negetivu:

```
1/u + 1/v = 1/f
1/15 + 1/v = -1/10
1/v = -1/10 - 1/15 = -5/30
v = -6 cm
m = 6/15 = 0.4
0.4 x 5 cm = 2 cm
```

Apa u ndi mtunda wa msomali, v ndi mtunda wa chithunzi, f ndi mtunda wa fokasi, ndipo m ndi kukula kwa chithunzi poyerekeza ndi msomali. Kamzere ka negetivu kutsogolo kwa 6 kakunena chomwe mzere wodukaduka ukunena, kuti chithunzi ndi vechuwo ndipo chili mbali ya msomali. Woiwala kuika negetivu pa 10 apeza 30, yankho la lenzi ya konivekisi lija. Mabuku ena ali ndi kaikidwe kena ka zizindikirozi, choncho wophunzira asankhe kamodzi n'kukakamira komweko, osasakaniza.

Palinso mzere wachitatu umene ndimalimbikitsa ana kuwonjezera ngati nthawi ilipo. Ika rula pamutu pa msomali ndi pa F ya kumanja. Lemba mzere wosaduka mpaka pa lenzi pokha, kenako wodukaduka mpaka pa F, chifukwa kuwala kunkalunjika kumeneko koma sikukafika. Pa lenzi mzerewo umakhota n'kutuluka chogona. Pa funso lathu umagunda lenzi pa sentimita imodzi papepala pamwamba pa mzere wapakati, ndipo ukaubweza kumanzere ndi mzere wodukaduka umakadutsa pamutu penipeni pa chithunzi. Mizere itatu ikadutsana pa kadontho kamodzi, dayagiramu ndi yolondola. Ikapanga kachigamba ka ngodya zitatu, penapake rula inaterereka kapena pensulo ndi yobuntha. Pa sikelo iyi kuphonya ndi milimita imodzi papepala ndi kuphonya ndi mamilimita awiri pa yankho, ndipo chithunzi chonse ndi sentimita imodzi yokha papepalapo. Pensulo yobuntha payokha ikhoza kudya malikisi.

Wina angafunse kuti kulimbana konseku ndi mizere yodukaduka kuli ndi phindu lanji kunja kwa chipinda cha mayeso. Munthu wosaona patali diso lake limasonkhanitsa kuwala mopitirira muyezo, moti chithunzi cha zinthu zakutali chimapangika chisanafike kumbuyo kwa diso, kumene chiyenera kugwera. Johannes Kepler anafotokoza mu 1604 chifukwa chake lenzi ya konkevu imathandiza munthu wotere. Tiyerekeze munthu amene amaona bwino mpaka masentimita 50 basi. Kuchipatala cha maso amulembera magalasi a -2.00, kutanthauza lenzi yomwaza ya mtunda wa fokasi wa masentimita 50, pakuti nambalayo imapezeka pogawa 1 ndi mtunda wa fokasi m'mamita. Basi ikakhala patali, lenziyo imaika chithunzi chake cha vechuwo pafupi ndi F, pa masentimita pafupifupi 50 patsogolo pa nkhope, pamene diso la munthuyo limafika. Chimene iye akuwerenga si chikwangwani cha pa basi chenichenicho, koma chithunzi chija timachijambula ndi mzere wodukaduka. Kuwala kukanati kuzibwerera pa lenzi monga pa pepala la mtsikana uja, wovala magalasi sakanaona kanthu. Lenzi ya m'funso lathu, ya masentimita 10, ikanalembedwa -10.00, magalasi a munthu wa vuto lalikulu ndithu.

Za imelo yeniyeniyo ndili nazo mawu. Mwanayu anatchula nambala ya funso, ananena malikisi amene anapeza, anafotokoza chifukwa chake akudabwa, ndipo anatumiza pepala lake looneka bwino, losapendekeka. Sanapemphe kuti ndimuwonjezere malikisi, anapempha chifukwa. Zinandithandiza kumuyankha molunjika pa mphindi zochepa. Ana athu ambiri amaopa kufunsa chotere, poganiza kuti kufunsa mkulu za malikisi ndi mwano. Amapinda pepala, kuliika m'chikwama, n'kukabwereza cholakwa chomwecho pa MSCE, pamene wochonga sakuwadziwa ndipo sadzawafotokozera kanthu. Si mwano. Funso loperekedwa mwaulemu ngati ili ndi gawo la kuphunzira, ndipo amene alibe foni kapena imelo angathe kufunsa chimodzimodzi pakhomo la ofesi ya aphunzitsi, pepala lili m'manja.

Kwa aphunzitsi anzanga, ndikudziwa kuchuluka kwa mapepala amene timachonga, ndipo sitingalembe ndime yathunthu pa pepala lililonse. Koma pa funso la dayagiramu, mtanda wofiira pawokha sumuuza mwana kanthu, makamaka pamene nambala yake ili yolondola. Mawu atatu okha, akuti kuwala kwatulukira kuti, olembedwa pambali pa lenzi, angachite ntchito yaikulu. Ndipo musanayambe kuphunzitsa malamulo a mizere, bwerekani magalasi a konkevu, muwatulutse ana panja ndi pepala loyera, ayese kugwira chithunzi mpaka alephere okha.

Iwe wophunzira, ukamaliza dayagiramu ya lenzi yomwaza usathamangire kuyeza. Yang'ana kaye kumanja kwa lenzi. Kukhale mizere yosachepera iwiri yosaduka, yokhala ndi timivi, ikutalikirana. Ngati kulibe, dayagiramuyo sinathe, ngakhale nambala yako itafanana ndi ya mnzako.